Bwana akakupatsani malikisi osagwirizana ndi ntchito yomwe munagwira chaka chonse: mafunso ndi mayankho

Chaka chikamatha, kapena kontirakiti ikatsala pang'ono kutha, anthu amandipeza atanyamula fomu ya kauniuni wa ntchito, ija ambiri timangoti apulezo. Ena amabwera atakwiya, ena misozi ili m'maso. Ndakhala ndikuimira anzanga a pantchito kuno ku Zomba kwa zaka zingapo, ndipo mafunso omwe amandifunsa ndi omweomwewo. Ndawasonkhanitsa pano ndi kuwayankha monga ndimayankhira munthu tikakhala pansi awiri.

1. Ndangolandira fomu ndipo zomwe alembamo si zoona. Ndichite chiyani lero lomwe lino?

Lero musayankhe chilichonse chachikulu. Pemphani kope la fomuyo, kapena ijambuleni pafoni bwana akuona, kenako nenani mwaulemu kuti: "Bwana, ndamva. Ndikupempha masiku atatu kuti ndiwerenge bwino ndi kuyang'ana zolemba zanga, ndidzabwere ndi yankho." Mabwana ambiri savuta pa pempho lotere.

Chomwe chimawononga milandu yabwino ndi mawu olankhulidwa tsiku loyamba mtima uli m'mwamba. Munthu amati "mumandida kuyambira kale", mawuwo nkulembedwa, ndipo kuyambira pamenepo nkhani imasanduka ya khalidwe lake, manambala aja osakambidwanso. Musalembenso za nkhaniyi pa gulu la WhatsApp la kuntchito. Zolembedwa pamenepo zimafika kwa bwana dzuwa lisanalowe.

2. Ndisayine kapena ndikane?

Werengani kaye mawu omwe ali pamwamba pa mzere wosayinapo. Mafomu ena amati mwaona ndipo mwakambirana, ena amati mwavomereza. Ndi zinthu ziwiri zosiyana kwambiri.

Ine ndimalangiza kusayina, koma mutalemba ndi dzanja lanu pafupi ndi sayiniyo mawu ngati awa: "Ndasayina posonyeza kuti ndalandira fomuyi. Sindikugwirizana ndi malikisi a gawo 1 ndi gawo 3. Yankho langa lolemba litsatira pasanathe masiku 5." Ikani deti, ndipo jambulani tsambalo mawuwo ali pomwepo.

Kukaniratu kusayina sikuletsa fomu kulowa mufayilo yanu. Bwana amangoitana munthu wina, nkulemba kuti "wakana kusayina", ndipo amene adzatsegule fayiloyo mtsogolo adzaona kukana kwanu popanda chifukwa chake. Ngati bwana akuletsani kulemba chilichonse pafomupo, pamenepo mukhoza kuimitsa kaye kusayina, koma tsiku lomwelo lembani kalata yaifupi yofotokoza kuti munapempha kulembapo ndemanga yanu ndipo sanakuloleni.

3. Ndinasayina kale osalembapo kanthu. Kodi zatha basi?

Ayi. Lembani kalata msanga, sabata isanathe ngati nkotheka, yonena kuti mwaunikanso fomuyo pamodzi ndi zolemba zanu ndipo mwapeza zinthu zofunika kukonza. Kenako tsatirani njira ya pa funso 6 ndi 7. Mukachedwa miyezi, malikisi aja amakhala atagwiritsidwa kale ntchito pogawa inkirimenti kapena posankha okwezedwa, ndipo kubweza zimenezo ndi kovuta kuposa kukonza fomu.

4. Ndi zolemba ziti zomwe zimamveka ngati umboni?

Umboni wamphamvu ndi womwe uli ndi deti ndipo unadutsa m'manja mwa munthu wina pa nthawi yomwe zinthuzo zinkachitika. Imelo yomwe munatumizira lipoti imaonetsa tsiku ndi ola. Uthenga wa bwana wa pafoni wokutumani kwina umaonetsa kuti sikunali kufuna kwanu. Buku losayina pofika kuntchito, mapepala a mayina a anthu obwera kumisonkhano omwe a mfumu kapena wapampando anadindapo, buku la ulendo wa njinga yamoto kapena galimoto, malisiti, mfundo za misonkhano ya ogwira ntchito, kalata ya kuchipatala: zonsezi ndi zinthu zomwe bwana sanganene kuti mwazilemba dzulo usiku.

Kabuku kanu ka m'thumba kamathandiza, makamaka kukukumbutsani komwe mungakafune umboni weniweni, koma pakokha ndi kofooka chifukwa analemba ndinu nokha. Mboni za pakamwa nazonso zimathandiza pang'ono chabe. Mnzanu amene akukulimbitsani mtima pa nkhomaliro nayenso ali ndi ana ofuna fizi, ndipo si chilungamo kumukakamiza kutsutsana ndi bwana yemwe adzamuunike iyenso mawa.

Pepala loposa onse ndi lomwe anthu ambiri sabwera nalo: la matageti omwe munagwirizana kumayambiriro kwa chaka, pamodzi ndi kalata yofotokoza ntchito za udindo wanu. Popanda limeneli mumakhala mukutsutsana za kutalika kwa nsalu opanda tepi yoyezera.

Chenjezo limodzi. Musatulutse muofesi zikalata zachinsinsi, monga mafayilo a odwala, malipiro a anzanu kapena mayina ndi ngongole za makasitomala, n'cholinga chodzitetezera. Zimenezo zikhoza kukubweretserani mlandu wina wolemera kuposa malikisi otsika. M'kalata yanu ingotchulani dzina la chikalatacho, deti yake ndi komwe chimasungidwa.

5. Zolemba zanga zikuonetsa kuti ndinagwira ntchito kwambiri. Nanga bwana akuona bwanji zosiyana?

Apa ndimapempha munthu kuti adekhe, chifukwa nthawi zina onse awiri amakhala akunena zoona, koma akuwerenga zinthu zosiyana. Inu mwalemba maulendo omwe munayenda, mvula yomwe inakunyowetsani, Loweruka lomwe munagwira popanda alawansi. Fomu ikufunsa kuti pa zomwe munagwirizana, zatheka ndi zingati. Thukuta lanu ndi lenileni, koma ngati tageti inali magulu 30, fomu imawerenga magulu.

Zifukwa zina zomwe ndakumana nazo kawirikawiri ndi izi. Bwana amakumbukira miyezi iwiri yomaliza, ya Janyuwale ndi Febuluwale anaiwala kalekale, ndiye cholakwa chimodzi cha mu Novembala chimaphimba chaka chonse. Kapena bwanayo ndi watsopano, anabwera pakati pa chaka ndipo sanapatsidwe zomwe munagwirizana ndi amene anachoka. Kapena anatenga manambala mu lipoti lakale. Kapena tageti inasinthidwa pakamwa, palibe analemba. M'malo ena mabwana amauzidwa kuchokera kumwamba kuti asapereke malikisi apamwamba kwa anthu ambiri chifukwa ndalama za inkirimenti ndi zochepa. Ndipo inde, chidani ndi kukondera ziliko, sindingakane. Koma chidani ndi chovuta kuchionetsa papepala, pomwe nambala yolakwika imaoneka ndi aliyense. Yambani ndi zomwe zimaoneka.

6. Ndisanthule bwanji fomuyo? Tipatseni chitsanzo.

Tengani pepala, mulembe chiganizo chilichonse cha bwana chomwe simukugwirizana nacho, ndipo pa chilichonse mudzifunse kuti: kodi ichi ndi chinthu chowerengeka, kapena ndi maganizo a munthu? Chowerengeka chimakonzedwa ndi umboni. Maganizo satsutsidwa ndi maganizo anzake, amafunsidwa chitsanzo.

Ndikuuzeni za mayi wina amene ndinamuthandiza. Ankagwira ntchito ku bungwe lina lomwe ofesi yake ili m'tauni muno, iye nkumayenda m'midzi ya cha ku Jali ndi ku Mayaka kukhazikitsa magulu a banki mkhonde. Fomu yawo inali ya malikisi 1 mpaka 5, pomwe 3 amatanthauza kuti wakwanitsa zomwe anagwirizana. Inali ndi magawo atatu: kukhazikitsa magulu kunkatenga theka la malikisi onse, malipoti magawo 30 pa 100, ndipo kugwirizana ndi anzake magawo 20 pa 100. Anamupatsa 2 paliponse. Kuti munthu alandire inkirimenti pa bungwelo ankafunika kufika 2.5.

Pa gawo loyamba bwana analemba kuti pa magulu 30 omwe anagwirizana, iye anakhazikitsa 19 okha. Mayiyu anabwera ndi chikwama cha pulasitiki chodzaza mafomu olembetsera magulu, ena atachita mawanga a madzi, lililonse lili ndi chidindo cha nyakwawa. Tinawayala patebulo nkuwerenga: analipo 26. Titayang'ana madeti tinapeza kuti 19 inali nambala ya mu lipoti la Okutobala. Magulu 7 otsalawo analembetsedwa mu Novembala ndi Disembala, ndipo bwana sanawaphatikize. Panalibe chiwembu, anangotsegula lipoti lolakwika.

Koma 26 si 30. Apa mpomwe foni yake inathandiza. Madzi atasefukira m'dera lina, bwana yemweyo anamutumizira uthenga womuuza kuti asiye kaye za magulu akathandize kugawa thandizo, ndipo anakhala kumeneko masabata 6. Magulu 30 pa miyezi 12 ndi magulu awiri ndi theka pamwezi. Masabata 6 ndi pafupifupi mwezi ndi theka, kutanthauza magulu pafupifupi 4. Mukachotsa 4 pa 30 mutsala ndi 26. Pa nthawi yomwe anapatsidwa yogwira ntchitoyo, anakwanitsa ndendende.

Pa gawo lachiwiri bwana analemba kuti "amachedwetsa malipoti nthawi zonse". Mayiyu ankalumbira kuti sanachedwetsepo. Tinatsegula maimelo omwe anatumiza. Malipoti a pamwezi ankafunika pofika pa 5. Pa malipoti 12, okwana 9 anapita pa nthawi yake, awiri anachedwa ndi masiku awiri, limodzi linachedwa ndi masiku 11. Anakhala chete kwa kanthawi. "Nthawi zonse" sizinali zoona, komanso "sindinachedwetsepo" sizinali zoona. Ndinamuuza kuti atatu aja awalembe yekha m'kalata yake asanawatchule bwana, chifukwa munthu amene wavomera pomwe analakwa amakhulupirika pomwe akukana.

Pa gawo lachitatu panangolembedwa kuti "sagwirizana ndi anzake". Palibe deti, palibe dzina, palibe chochitika. Apa sitinalembe kuti ndi bodza. Tinapempha zitsanzo, ndi kufunsa ngati nkhaniyi inatchulidwapo pa kukambirana kwa pakati pa chaka. Fomu ya pakati pa chaka inalipo, ndipo munalibe mawu amenewa.

Zotsatira zake, gawo loyamba linakwera kufika pa 3. La malipoti linatsala pa 2, koma mawu oti "nthawi zonse" anafufutidwa nkulembapo "katatu". Lachitatu linakwera kufika pa 3 bwana atangotchula mkangano umodzi wa njinga yamoto womwe unatha kalekale. Kuwerengera kwake: theka la 3 ndi 1.5, magawo 30 pa 100 a 2 ndi 0.6, magawo 20 pa 100 a 3 ndi 0.6, zonse pamodzi 2.7. Taonani kuti gawo loyamba lokha likanamufikitsa pa 2.5 ngakhale enawo akanapanda kusintha. Musanayambe kulimbana, onani gawo lomwe likulemera kwambiri, ndipo mphamvu zanu zipite kumeneko.

7. Kalata yoyankha ndiilembe bwanji?

Ikhale ya tsamba limodzi, ikatalika awiri. Pa mfundo iliyonse lembani zomwe fomu ikunena, zomwe zolemba zikuonetsa, komwe umboni uli, ndi chomwe mukupempha. Ya mayi wa pa funso 6, gawo lake loyamba linkamveka motere:

"Bwana, fomu ikuti ndinakhazikitsa magulu 19. Mafomu olembetsera omwe ndaphatikiza pano akuonetsa magulu 26, ndipo 7 mwa iwo ali mu malipoti a Novembala ndi Disembala. Komanso ndinachotsedwa pa ntchitoyi kwa masabata 6 potsatira uthenga wanu, womwe kope lake ndaphatikiza. Ndikupempha kuti nambalayi ikonzedwe ndipo malikisi a gawoli aunikidwenso."

Mulibe mawu oti kukondera, nsanje kapena nkhanza. Mulibenso dzina la mnzake amene anapatsidwa 4. Pomaliza pemphani zinthu ziwiri: kuti mukumane, komanso kuti kalatayo isungidwe mufayilo yanu pamodzi ndi fomu, kaya malikisi asintha kaya ayi. Ilembeni m'chinenero chomwe ofesi yanu imalembera zikalata. Perekani makope awiri, lina akudindireni ndi kulemba deti yolandirira, mubwerere nalo kunyumba. Ngati mwatumiza pa imelo ya kuntchito, sindikizani kope, chifukwa tsiku lomwe munthu wachotsedwa ntchito imelo imatsekedwa nthawi yomweyo.

8. Ndipite kwa bwana yemweyo kapena ndidumphe ndipite kwa akuluakulu?

Yambani ndi yemweyo. Akuluakulu mukawapeza, funso lawo loyamba lidzakhala loti mwakambirana naye kapena ayi. Komanso bwana amene mwamupatsa mpata wokonza yekha cholakwa, pachitseko chotseka, amakonza mosavuta kusiyana ndi amene wamva nkhani yake kuchokera kumwamba. Palibe munthu amakonda kuchititsidwa manyazi pamaso pa omulemba ntchito.

Zikakanika, tsegulani buku la malamulo a pantchito panu, muone ndime ya madandaulo kapena ya apilo. Imanena kuti dandaulo limapita kwa yani komanso pasanathe masiku angati, ndipo masikuwo amasiyana malo ndi malo. Mafomu ambiri ali ndi malo a munthu wachiwiri wosayina, yemwe ndi bwana wa bwana wanu, ndipo ntchito yake ndi yomweyi youna ngati malikisi aperekedwa mwachilungamo. Kuchoka apo ndiye ku ofesi yoona za ogwira ntchito.

Pali nthawi imodzi yomwe simuyenera kuyamba ndi bwanayo: ngati malikisi atsika chifukwa munakana kugona naye, munakana kusayina zachinyengo, kapena munaulula katangale. Pamenepo nkhani si ya apulezo ayi. Pitani molunjika kwa akuluakulu kapena ku yuniyoni, ndipo lembani madeti a zonse motsatana.

9. Pa msonkhano wokambirana ndizichita bwanji? Ndingajambule mawu mobisa?

Tengani makope awiri a umboni wanu, mutawaika manambala. Yambani ndi mfundo yomwe umboni wake ndi wosatsutsika. Bwana akanena za maganizo, funsani modekha: "Mungandikumbutse tsiku lomwe zinachitika, kuti ndidziwe chokonza?" Kenako khalani chete, mumupatse nthawi. Akatchula chitsanzo choona, chivomereni. Ngati malamulo a pantchito panu akulola, pitani ndi woimira yuniyoni kapena mnzanu woti azikalemba.

Kujambula mobisa sindilimbikitsa. Zikadziwika, kukhulupirirana kumatheratu ndipo m'malo ena ndi mlandu pawokha. Njira yabwino ndi kulemba uthenga tsiku lomwelo: "Bwana, zikomo chifukwa cha kukambirana kwa lero. Monga ndamvera, tagwirizana zakutizakuti. Ngati ndalakwitsa pena, mundikonze." Akapanda kutsutsa, uthengawo umakhala mboni ya zomwe munakambirana.

10. Anditsitsira malikisi chifukwa ndinadwala, kapena ndinali pa tchuthi cha uchembere. Ndi zololedwa?

Tchuthi cha matenda chomwe chili ndi kalata ya dokotala ndi ufulu wanu pansi pa Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000, chimodzimodzi tchuthi cha uchembere, chomwe lamuloli limati chisachepere masabata 8 pa malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Lamulo lomweli, pa gawo 5, limaletsa tsankho pantchito, ndipo gawo 57 limanena kuti kujomba kwa kanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito kapena kumulanga.

Pa fomu, chomwe mungapemphe ndi choti tageti iwerengedwe molingana ndi miyezi yomwe munalipo, monga tinawerengera masabata 6 aja pa funso 6. Amene anali pa tchuthi miyezi iwiri sangayezedwe ndi muyezo wa miyezi 12.

11. Kodi malikisi otsika angandichotsetse ntchito?

Fomu imodzi payokha siyenera kutero, koma ikhoza kukhala njerwa yoyamba. Gawo 57 la Lamulo la Ntchito limati munthu sachotsedwa popanda chifukwa chomveka chokhudza kuthekera kwake pa ntchito, khalidwe lake, kapena zosowa za kayendetsedwe ka kampani. Limatinso ngati chifukwacho ndi kuthekera kapena khalidwe, munthuyo ayambe wapatsidwa mpata wodziteteza pa zomwe akumunenazo. Gawo 61 limaika udindo pa wolemba ntchito kuti ndiye apereke chifukwa, komanso aonetse kuti anachita mwachilungamo.

Ndiye wolemba ntchito akafuna kuonetsa kuti munthu ntchito inkamukanika, amatulutsa chiyani? Mafomu a apulezo, okhala ndi sayini ya mwini wake. Ngati mafomu awiri otsatizana akuti mumalephera ndipo inu simunatsutsepo polemba, zimaoneka ngati munavomereza. Ichi ndicho chifukwa chake ndimaumirira kuti kalata yanu ilowe mufayilo ngakhale mutadziwa kuti bwana sasintha kanthu. Mlandu suola, ndipo pepala lomwe mwalemba chaka chino likhoza kudzakuyankhulirani patapita zaka ziwiri.

Kwa a makontirakiti a chaka chimodzi, omwe ndi ambiri m'mabungwe kuno, vuto limabwera mwa njira ina: sakuchotsani, amangosiya kukupatsani kontirakiti ina. Choncho musadikire. Funsani tsiku lomwe akuluakulu amakhala pansi kusankha opitiriza, ndipo yankho lanu lifike tsikulo lisanakwane.

12. Andiika pa ndondomeko yoti ndisinthe kagwiridwe ka ntchito pa miyezi itatu. Ndivomere?

Vomerani kutsatira, koma lembani kuti kutero sikukutanthauza kuti mwagwirizana ndi malikisi aja. Kenako onetsetsani kuti ndondomekoyo ili ndi zinthu zoyezeka. "Asinthe khalidwe" si chinthu chomwe mungadzaonetse kuti mwakwanitsa. "Malipoti atatu otsatira afike pofika pa 5" ndi chomveka. Mulembedwenso thandizo lomwe bungwe lipereke, kaya ndi mafuta a njinga, kompyuta yogwira ntchito kapena maphunziro, ndi masiku omwe muzikumana kuti muone pomwe mwafika. Mukakumana, tumizani kauthenga kofanana ndi ka pa funso 9. Thandizo lolonjezedwa likapanda kubwera, lembani nthawi yomweyo, osadikira mwezi wachitatu.

13. Ku ofesi ya leba angandithandize pa nkhani ya malikisi okha?

Malikisi okha, popanda china chotsatira, kawirikawiri amathera mkati mwa bungwe, ndipo a leba adzakufunsani ngati mwatsata njira za pantchito panu. Zimasintha malikisiwo akabala chilango. Gawo 56 la Lamulo la Ntchito limatchula kalata yochenjeza, kuimitsidwa ndi kutsitsidwa paudindo ngati zilango zomwe wolemba ntchito angapereke pokhapokha zili zoyenera, ndipo lamuloli limapereka mwayi wokadandaula ku ofesi ya leba ngati chilangocho ndi chosayenera. Limaletsanso kulipiritsa wantchito chindapusa ngati chilango.

Mukachotsedwa ntchito, gawo 62 limakupatsani miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti mukadandaule ku ofesi ya leba. Musaiwerenge molakwika miyeziyi podikira kuti mwina bwana asintha mtima. A leba amayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizo, ndipo zikakanika nkhani imapita ku khoti loweruza milandu ya za ntchito, lomwe limagwira ntchito motsatira lamulo la chaka cha 1996 loona za ubale wa olemba ndi olembedwa ntchito. Popita tengani kalata yolembedwera ntchito, mapepala a malipiro, mafomu onse a apulezo kuphatikizapo a zaka zomwe munakhoza bwino, ndi makalata anu odindidwa aja.

Ena amaopa kuti kudandaula kuwachotsetsa ntchito. Gawo 57 limanena kuti kupereka dandaulo lokhudza kuphwanyidwa kwa malamulo si chifukwa chovomerezeka chochotsera kapena kulanga munthu. Sindikunamizani kuti ndiye kuti bwana adzakusekererani m'mawa mwake, koma lamulo lili kumbali yanu.

14. Ine ndimagwira m'boma. Zimasiyana?

Lamulo la Ntchito limakhudzanso ogwira ntchito m'boma, kupatula asilikali, apolisi ndi oyang'anira ndende. Kuno ku Zomba, komwe kuli Cobbe Barracks ndi ndende yaikulu, ambiri ali m'gulu limeneli, ndipo iwo amatsata malamulo ndi njira za madandaulo za nthambi zawo. Anthu wamba olembedwa ntchito m'nthambizo, omwe savala yunifomu, lamuloli limawakhudza.

Kwa aphunzitsi, anamwino, alangizi ndi makalaliki, muli ndi chida china. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu woti zochita za akuluakulu a boma zomukhudza zikhale zotsata malamulo ndi ndondomeko yachilungamo, komanso kuti apatsidwe zifukwa zolembedwa. Gawo 31 limanena za ufulu wogwira ntchito mwachilungamo. Choncho mukamapempha kuti akulembereni chifukwa chomwe mwapatsidwira malikisi akutiakuti, simukuchita mwano. Kalata yanu idutse mwa mkulu wanu monga mwa dongosolo la m'boma, koma sungani kope lodindidwa, chifukwa makalata odutsa m'maofesi angapo amatha kugona m'thireyi miyezi. Mamembala a yuniyoni ya aphunzitsi ya TUM kapena ya ogwira ntchito m'boma ya CSTU adziwitse nthumwi yawo msanga. Njira za mkati zikatha popanda yankho, ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a anthu omwe achitiridwa zosalungama m'maofesi a boma.

15. Mtima wandipweteka kwambiri. Ndingosiya ntchito?

Ndikumvetsa. Munthu amene wapalasa njinga m'matope a ku Chingale chaka chonse nkuuzidwa kuti palibe chomwe wachita, chimamupweteka si ndalama zokha. Koma musalembe kalata yosiya sabata yomweyo. Mukasiya nokha, zimakhala zovuta kudzanena kuti munachotsedwa mopanda chilungamo. Lamulo lili ndi gawo 60, lonena za munthu amene wasiya chifukwa zochita za wolemba ntchito zafika poti sangathe kupitiriza, koma pamenepo udindo woonetsa umboni umakhala pa inu, ndipo fomu imodzi yoipa siifika pa muyezo umenewo.

Ngati mwatsimikiza zochoka, funani kwina muli pantchito, ndipo kalata yanu yotsutsa ilowe kaye mufayilo, popeza kumene mukupitako akhoza kudzafunsa kuno za mbiri yanu.

16. Malikisi akana kusintha. Chaka chikubwerachi ndidziteteze bwanji?

Mwezi woyamba, pemphani matageti olembedwa ndi osayinidwa, ndipo funsani bwana kuti pa gawo lililonse 3 amaoneka bwanji, 4 amaoneka bwanji. Chilichonse chikasintha pakati pa chaka, kaya akutumani kwina, njinga yafa, kapena ndalama za ntchito zachedwa, tumizani uthenga wa mizere iwiri wonena kuti izi zikhudza tageti yakuti, ndipo funsani ngati isinthidwe.

Lachisanu lililonse musanaweruke, tengani mphindi khumi mulembe zomwe mwamaliza sabata imeneyo, ndi manambala ake, ndi komwe umboni uli. Pakutha pa mwezi tumizani chidule chake kwa bwana, ngakhale sanapemphe. Pakatha miyezi itatu iliyonse mufunseni maso ndi maso kuti: "Bwana, kodi pali pomwe ndikuperewera poti ndikonze padakali pano?" Yankho lake lilembeni ndi deti. Mayi wa ku Jali uja anagula fayilo ya pulasitiki ya matumba 12 mumsika wa Zomba, thumba limodzi mwezi umodzi, ndipo fomu iliyonse yodindidwa imalowa m'thumba lake tsiku lomwe wabwera nayo kuchokera kumudzi.